Njinga ya kabaza yomwe pistoni inagwira pamlatho wa Lilongwe

Njingayi inafika kugalaja kwanga ku Biwi masana ena mu Okutobala, mnyamata woyendetsa akuikankha, thukuta lili kamukamu. Inali ya injini ya silinda imodzi, ya 150cc, yozizira ndi mphepo, ngati zambiri zomwe zimachita kabaza mumzinda muno. Inali itayenda makilomita pafupifupi 31,000. Mawu ake oyamba anali akuti, "Madala, yangozima yokha pamlatho, ndipo kiki inalimba ngati mwala. Panopa ikutsika koma siikulira bwino."

Ndisanagwire sipanala ndinamukhazika pansi kuti andifotokozere ulendo wonse, chifukwa pa nkhani ya kutentha kwa injini, zomwe zinachitika mphindi 30 isanazime zimandiuza zambiri kuposa zomwe ndingaone ndikatsegula.

Ananyamuka ku Area 25 cha m'ma 11 koloko ndi mayi wina wa geni komanso thumba la mbatata la makilogalamu 50 kumbuyo. Mumsewu wa M1 anathamanga ndithu, chifukwa mayiyo ankafuna kufika kumsika msanga. Atayandikira ku Old Town anapeza mdipiti wa magalimoto ndi maminibasi wolowera pamlatho. Masiku ena amadutsa m'mphepete, koma tsikulo ndi thumba lotambalala kumbuyo sakanatha kulowa pakati pa magalimoto. Anakhala mumzerewo mphindi zoposa 20, akuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso, ali m'giya yoyamba, kilatchi ataigwira theka. Anamva miyendo ikuwotcha. Anamva fungo la oyilo wopserera. Kenako injini inayamba kulira ngati muli timisomali m'chitini nthawi iliyonse akakoka moto. Iye poganiza kuti ikufuna kuzima, anayamba kuikokera moto kwambiri ali chiimire. Patangopita mphindi zochepa inafooka, n'kuzima. Mnzake wina anabwera ndi botolo la madzi n'kuthira pa injini, ndipo anati utsi wake unali ngati wa pa chiwaya cha tchipisi.

Iye ankakhulupirira kuti mdipitiwo ndiwo unapha injini. Ine ndinamuuza kuti pamlatho womwewo panali njinga zina zambiri zonga yake, dzuwa lomwelo, ndipo zinadutsa. Funso langa linali lakuti n'chifukwa chiyani yake yokha ndiyo inagwira.

Zomwe ndinaona ndisanamasule chilichonse

Kutsogolo kwa injini, pazitsulo zotchinjiriza miyendo, anali atapachikapo chikumba chachikulu cha labala, chojambulidwa bwino, choti matope ochokera ku tayala lakutsogolo asamuthimbirire nsapato. Chikumbacho chinatseka malo onse amene mphepo imalowera popita ku silinda. Nditachinyamula ndinapeza zipsepse za injini, zija timati mafinzi, zitadzaza dothi lofiira losakanikirana ndi oyilo yemwe ankadontha pang'onopang'ono kuchokera pa gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu. Dothilo linali litapsa n'kuuma ngati njerwa. Pakati pa mafinzi a hedi, mbali ya ekizozi, sikuludiraiva inkalowa movutikira.

Apa ndi pomwe ndimayambira ndikamafotokozera anyamata a kabaza, chifukwa ambiri amaganiza kuti mafinzi ndi chokongoletsera chabe. Petulo akayaka mu silinda, mphamvu yomwe imafika kutayala siikwana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo ndi kutentha. Kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, koma kwina kumalowa m'zitsulo: mu pistoni, m'mavalavu, mu hedi ndi m'khoma la silinda. Galimoto ili ndi madzi, rediyeta ndi fani yomwe imazungulira ngakhale galimotoyo itaima. Njinga ngati iyi ilibe chilichonse mwa zimenezi. Ili ndi mafinzi okha, omwe ntchito yake ndi kuchulukitsa malo amene chitsulo chikukhudzana ndi mpweya, ndiponso ili ndi oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi yemwe amanyamula kutentha kuchokera pansi pa pistoni ndi ku hedi n'kukakutaya m'munsi mwa injini. Mafinziwo amadalira mphepo yomwe njinga imadzipangira ikamayenda. Ikaima, mpweya womwe uli pakati pa mafinzi umatentha n'kumangokhala pomwepo, kumakwera pang'onopang'ono ngati utsi wa pa mbaula. Ndiye pamlatho pamakhala poti mpweya wozungulira njingayo ndi wotentha kale, wochokera pa tala ndi m'marediyeta a maminibasi.

Koma pali chinthu chomwe ambiri sachisiyanitsa. Injini yongolira payokha njinga itaima, osakokera moto, imawotcha petulo wochepa kwambiri, choncho kutentha kwake kumakwera pang'onopang'ono, ndipo injini yabwinobwino imapirira kwa kanthawi. Choopsa ndi kukwawa ndi katundu. Nthawi iliyonse njinga yolemedwa ikamadzuka pamalo, injini imagwira ntchito yaikulu, pamene mphepo palibe. Kugwira kilatchi theka kumawonjezera vuto, chifukwa mbale za kilatchi ya njinga zotere zimasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Zikamakhulana, kutentha kwake kumalowa mu oyilo amene amayenera kuziziritsa pistoni. Onjezanipo kuti mnyamatayu analowa mumdipiti injini ili kale yotentha chifukwa chothamanga ndi katundu kuchokera ku Area 25. Kutentha konse komwe kunali m'zitsulo kunasowa kolowera mphepo itangoduka.

Oyilo ndi pulagi

Nditamasula bawuti yapansi, oyilo yemwe anatuluka ndinamuyeza m'botolo: mamililita 600 okha, pamene injiniyi imafuna pafupifupi lita. Anali wakuda bii, wopyapyala ngati tiyi, akununkha kupserera. Pa kasefa kawaya kamene kamakhala m'munsi panali timafufuta tonyezimira ta aluminiyamu. Nditamufunsa kuti anasintha liti, anati papita miyezi iwiri, ndipo pakatipo ankangowonjezera wa m'timabotolo togulitsa m'mphepete mwa msewu, wopanda chizindikiro chilichonse. Kabaza wa mu Lilongwe kuyenda makilomita 100 pa tsiku si chachilendo, ndiye miyezi iwiri ndi mtunda wautali kwambiri kwa lita imodzi ya oyilo.

Kuchepa kwa oyilo kumapweteka pawiri. Oyilo wochepa amazungulira pafupipafupi, ndiye sapeza nthawi yozizira m'munsi muja asanabwererenso kumwamba. Komanso oyilo akatentha amapyapyala. Amagwira bwino ntchito akakhala pa madigiri 80 mpaka 110. Akapitirira 130, oyilo wamba amayamba kuwonongeka mofulumira, ndipo kakhungu kopyapyala komwe amapanga pakati pa pistoni ndi khoma la silinda kamayamba kung'ambika. Pampu ya oyilo nayo imayendetsedwa ndi injini, choncho injini ikamalira pang'onopang'ono, oyilo amene akufika ku hedi amakhalanso wochepa.

Pulagi ndiyo inandiuza kuti pali vuto lina. Pulagi ya injini yomwe ikuyaka bwino imakhala ndi mtundu wa khofi wothira mkaka kunsonga kwake. Iyi inali yoyera mbee ngati choko, ndi timadontho tating'ono totuwa pa dongo lake. Kuyera kotero kumasonyeza kuti injini inkalandira mpweya wambiri ndi petulo wochepa. Nditafufuza ndinapeza zifukwa ziwiri. Labala yolumikiza kabyuleta ndi hedi inali ndi mng'alu mbali yapansi, wosaoneka pokhapokha utaipinda ndi chala, ndipo injini inkayamwa mpweya pamenepo. Chachiwiri anandiuza yekha mwamanyazi: winawake anamutembenuzira kasikuluwu ka pa kabyuleta kuti njinga izimwa mafuta pang'ono. Nditawerenga, kanali kotsegula theka la kuzungulira kumodzi, pamene pa injini imeneyi kamayenera kukhala pafupifupi kawiri.

Sindimuweruza mnyamatayu pa zimenezi. Njinga si yake, mwini wake amafuna ndalama yake tsiku ndi tsiku, ndipo petulo akavuta mumzinda dontho lililonse limawerengedwa. Koma petulo amagwiranso ntchito ina yomwe saiona. Akamasanduka nthunzi polowa mu silinda amaziziritsa valavu yolowetsa ndi mutu wa pistoni, ndipo msakanizo wokhala ndi petulo wokwanira umayaka mosatentha kwambiri poyerekeza ndi wosowa petulo. Kasikuluwu kaja kamalamulira makamaka pomwe injini ikungolira yokha ndi pomwe moto watsegulidwa pang'ono, ndipo amenewo ndiwo malo omwe njinga imakhala ikakhala mumdipiti. Pamsewu wotseguka vutolo limabisala chifukwa petulo amadutsa pa jeti yaikulu ndipo mphepo ilipo. Ndiwonjezerepo kuti petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Petuloyo ndi wabwinobwino, koma ethanolo amafuna kuti alowe wochulukirapo pang'ono pa mpweya womwewo, choncho kabyuleta yomwe yafinyidwa kale imakhala pamphepete penipeni.

Kulira kwa timisomali komwe anamva kunachokera pamenepa. Hedi ikatentha kwambiri, msakanizo wotsala m'mbali mwa silinda sudikira kuti moto wa pulagi uufike. Umaphulika wokha mwadzidzidzi, n'kumenya mutu wa pistoni ngati nyundo. Kumenyako kumachotsa kampweya kopyapyala komwe kamatchinjiriza pistoni ku moto, ndiye pistoni imatenthanso kwambiri, ndipo kuphulikako kumawonjezeka. Zikafika apa, zinthu zimadyetsana zokha. Timadontho totuwa ta pa pulagi tinali aluminiyamu wochoka pa pistoni.

M'kati mwa injini

Injini itazizirira usiku wonse, m'mawa ndinayeza mavalavu ndi fila geji. Kuyeza kumeneku kumafuna injini yozizira ndithu, osati yofunda. Buku la injini imeneyi limati mpata ukhale mamilimita 0.08 mbali zonse. Valavu yolowetsa inali pa 0.06, zomwe sizinandidetse nkhawa. Ya ekizozi inali yothina moti ka 0.03 sikanalowe. Valavu ya ekizozi ndi chitsulo chomwe chimatentha kuposa zonse mu injini, ndipo njira yake yaikulu yozizirira ndi kukhala pampando wake mu hedi nthawi yomwe yatsekeka. Ikatentha imatalika. Ngati mpata unali wochepa kale, kutalikako kumaumaliza, valavu siikhalanso bwino pampando, ndipo moto umadutsa m'mphepete mwake. Mnyamatayu anati anasangalala kuti injini yake inali chete, yopanda kutcheketa kwa mavalavu. Ine injini yotere ikakhala chete mopitirira ndimayamba kukayikira. Kutcheketa pang'ono kuli bwino kusiyana ndi valavu yothina.

Geji ya kompuresheni inaonetsa mabaa 7, pamene injini yotere ikakhala bwino imadutsa 10. Nditathira kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso, inakwera kufika pa 9. Kukwera kumeneko kunatanthauza kuti mphamvu yambiri ikuthawira pa maringi, chifukwa oyilo amatseka mpata wa maringi kwa kanthawi koma sangatseke valavu yotayikira.

Nditachotsa hedi ndi bloko ndinaona chimene chinachitika pamlatho. Mbali ya pistoni yoyang'ana ku ekizozi inali ndi mikwingwirima yoyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi, aluminiyamu atapakika ngati phula. Ringi yapamwamba inali itamatirira mumsewu wake mbali imeneyo, yosatha kutuluka. M'khoma la silinda munali mizere iwiri yomwe chikhadabo chinkakodwamo. Pansi pa mutu wa pistoni panali oyilo wopserera wakuda ngati wa pansi pa mphika.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa munthu akaona kukula kwa mipata. Silinda ya injiniyi ndi mamilimita 62 m'mimba mwake, ndipo mpata wa pakati pa pistoni ndi khoma ndi pafupifupi mamilimita 0.03 mpaka 0.05, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pistoni ndi ya aluminiyamu, pamene khoma lomwe imayendamo ndi la chitsulo chakuda. Aluminiyamu amafufuma ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo chimenecho. Opanga injini anawerengera kufufumaku mpaka pa mlingo winawake. Kutentha kukadutsa pamenepo, pistoni imadzaza silinda, imafinya oyilo wopyapyala uja kumuchotsa, ndipo chitsulo chimakhudza chitsulo. Ndiyo nthawi yomwe kiki inalimba. Injini itazizira pistoni inabwerera pang'ono, n'chifukwa chake kiki inayambanso kutsika, koma zomwe zinakandika zinali zitakandika kale.

Madzi aja omwe mnzake anathira ndinawaopa kwambiri. Hedi ya aluminiyamu yotentha ikaziziritsidwa mbali imodzi mwadzidzidzi imatha kupindika kapena kung'aluka, kawirikawiri pakati pa bowo la pulagi ndi mpando wa valavu. Ndinaitsuka, n'kuyika rula yachitsulo mopingasa m'njira zingapo, ndipo ka 0.05 sikanalowe paliponse. Mng'alu sindinaupeze. Anachita mwayi.

Zomwe ndinakonza

Mizere ya m'silinda inali yakuya moti kupala ndi sandipepa sikukanathandiza. Panali njira ziwiri: kukaboola silinda kuti ilandire pistoni yokulirapo ndi mamilimita 0.25, kapena kugula bloko yatsopano yobwera ndi pistoni ndi maringi ake. Mwini njinga anasankha bloko yatsopano kuti njinga ibwerere pamsewu msanga. Ndisanamange ndinalowetsa ringi iliyonse mu silinda payokha, kuikankha ndi mutu wa pistoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa pakamwa pake. Yapamwamba inali pa 0.20, zomwe ndi zabwino. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha, koma ringi yopanda mpata ikatentha nsonga zake zimagundana ndipo imakanda silinda yatsopanoyo tsiku loyamba lomwe.

Valavu ya ekizozi inali itayamba kudyeka m'mphepete, ndiye ndinaika ina n'kuipera pampando wake mpaka mzere wotuwa unazungulira wonse. Ndinathira palafini m'mabowo a hedi kuti ndione ngati akudontha, ndipo sanadonthe. Mavalavu onse ndinawaika pa 0.08. Ndinasintha labala ya kabyuleta, gasiketi yodontha ija ndi pulagi, n'kutsuka majeti. Kasikuluwu ndinakabweza pa kuzungulira kuwiri, kenako injini itatentha ndinakasuntha pang'onopang'ono mpaka inalira mosalala, n'kuika kuti izizungulira pafupifupi maulendo 1,400 pa mphindi. Ndinatsegulanso mbali ya kilatchi kuti nditsuke kasefa kozungulira ka oyilo, komwe kanali kodzaza phala lotuwa. Mbale za kilatchi zinali zitada koma zinali zisanathe, ndiye ndinazisiya. Oyilo ndinathira wa 20W-50 wolembedwa JASO MA pa botolo, chizindikiro chosonyeza kuti ndi woyenera kilatchi yosambira mu oyilo.

Mafinzi a hedi ananditengera nthawi yaitali kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinawanyowetsa ndi palafini, n'kumakokota ndi kamtengo kosongola ndi burashi mpaka kuwala kunayamba kuoneka mbali inayo. Chikumba chija ndinachichotsa. Mnyamatayo anadandaula kuti nyengo ya mvula ikubwera. Tinagwirizana kuti aike kachidutswa kakang'ono kumapeto kwa madigadi yakutsogolo, komwe kamagwira matope osatseka mphepo.

Atayenda makilomita 500 mosathamanga ndiponso osanyamula katundu wolemera, anabwera kudzasintha oyilo woyamba ndi kuyezanso mavalavu. Tsiku limenelo ndinafuna aone ndi maso ake. Ndili ndi kachipangizo koyezera kutentha kongoloza patali, ndipo ndimaloza pa hedi pafupi ndi pulagi, malo amodzimodzi nthawi zonse, chifukwa ukaloza pena manambala amasintha. Anazungulira mphindi 10 pamsewu wotseguka, n'kubwera: madigiri 135. Tinamangiriranso chikumba chija, anayenda njira yomweyo: 155. Tinachichotsa, anayendanso, kenako tinaisiya ikulira chiimire mphindi 5 pabwalo, ndipo inakwera kuchoka pa 135 kufika pa 160, ikukwerabe. Atangoyenda mphindi zitatu pa liwiro la makilomita 40 inatsikanso. Manambalawa ndi a njinga imeneyo tsiku limenelo, koma anamuonetsa kuti chikumba chokha chinkamudyera madigiri 20 asanafike n'komwe pamdipiti. Anangoti, "Madala, ndimayesa mumangonena."

Zomwe ndinamuuza azichita ali mumzere

Choyamba ndi kuzimitsa. Akaona kuti mzere suyenda kwa mphindi yoposa imodzi kapena ziwiri, azimitse injini. Ena amatsutsa, amati injini ikazima kutentha kumakwera. N'zoona kuti kunja kwa hedi kumatenthako pang'ono mphindi zoyamba, chifukwa kutentha kwa m'kati kukutuluka ndipo oyilo waima. Koma moto watsopano sukuwonjezekanso, ndipo palibe chomwe chikukhulana. Malire ake ndi batire: kuliza ndi sitata kambirimbiri pamtunda waufupi kumaimaliza, choncho azisinthanitsa ndi kiki. Pomwe mzere ukusuntha mamita awiri atatu ndipo malo ndi athyathyathya, akhoza kukankha ndi miyendo injini ili chizimire.

Chachiwiri ndi dzanja la pa kilatchi. M'malo momangokwawa kumbuyo kwa bampala ya minibasi, adikire mpata utseguke pang'ono, asiye kilatchi yonse, ayende, kenako aike pa nyutulo. Kilatchi izikhala yogwira yonse kapena yosiya yonse, theka likhale la kamphindi kodzukira basi. Asamatsamirenso kumbuyo kwa galimoto yaikulu kapena pambali pa injini yake, komwe mpweya ndi wotentha. Ndipo asamakokere moto njinga itaima. Kukokako sikubweretsa mphepo ina iliyonse, chifukwa injiniyi ilibe fani. Kumangowonjezera moto. Izi n'zosiyana ndi masikuta ndi njinga zina za matayala atatu, zomwe zili ndi fani yozungulira ndi injini ndiponso chikuto cholondolera mphepo ku mafinzi.

Ndinamuuzanso kuti ngati akudziwa kuti kutsogolo kuli mdipiti, makilomita awiri omaliza achepetse moto, aziyenda mofatsa m'giya yapamwamba pa liwiro la 40 kapena 50. Pamenepo injini ikupanga kutentha kochepa koma mphepo ikadali yambiri, ndiye amalowa mumzere zitsulo zitatsikako.

Njinga zimenezi zilibe geji ya kutentha, ndiye geji ndi woyendetsa. Zizindikiro zimabwera motsatana ndithu. Poyamba miyendo imawotcha kuposa masiku onse ndipo fungo la oyilo limamveka. Kenako giya imalimba, nyutulo imavuta kuipeza, kilatchi imayamba kugwira modzidzimutsa, ndipo kulira kwa injini kumasintha, mwina kukwera kokha kapena kufuna kuzima. Pambuyo pake pamabwera timisomali tija pokoka moto, n'kutsatira kufooka ngati wina akuigwira kumbuyo. Timisomali tikangomveka, nthawi yokambirana ndi pasinjala yatha. Apatuke, azimitse, aimike njinga pamthunzi pomwe pakudutsa kamphepo, adikire mphindi 15 kapena 20. Asathire madzi. Kuthetheka komwe kumamveka injini ikamazizira ndi zitsulo zikubwerera m'malo, sikoopsa. Asanalize ayang'ane oyilo njinga itaima chilili, ndipo aponde kiki pang'onopang'ono kuti amve ngati ikuzungulira momasuka. Ikakhala yolimba kapena ikukhula, asaikakamize. Pistoni yomwe yangogwira pang'ono nthawi zina imapulumuka ndi maringi atsopano, koma yokakamizidwa imatenga silinda yonse, ndipo tizidutswa take timakafika ku kilankishafuti.

Za masiku onse ndinamupatsa zochepa zoti angakwanitse. Oyilo aziyang'ana m'mawa uliwonse asananyamuke, chifukwa injini yozizira ndi mphepo imadyako oyilo ngakhale ili bwino, makamaka nyengo yotentha. Pa ntchito ya kabaza, ya fumbi ndi kuimaima, ndimalangiza kusintha oyilo pa makilomita 1,500 mpaka 2,000, ngakhale buku litanena mtunda wotalikirapo, ndipo akhale wa m'botolo lomata. Mafinzi azitsuka injini itazizira, kamodzi pa sabata, ndipo oyilo akayamba kudontha pamwamba akonzetse msanga chifukwa ndiye amamata fumbi. Mavalavu ndi mtundu wa pulagi tiziona pakusintha oyilo kwachiwiri kulikonse.

Pali zina zomwe sindinazipeze pa njinga iyi koma ndimaziyang'ana nthawi zonse ikabwera yotentha: buleki yogwira, tcheni chomangitsa, matayala opanda mpweya wokwanira, ekizozi yotsekeka, ndi bokosi la sefa ya mpweya lomwe lachotsedwa kapena kubooledwa. Ziwiri zomalizazi zimasintha msakanizo, pamene zinazo zimangopangitsa injini kukoka katundu amene kulibe.

Anabweranso kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa, njinga itawonjezera makilomita pafupifupi 3,500. Kompuresheni inali pa mabaa 11. Pulagi inali ya mtundu wa khofi. Valavu ya ekizozi inali itatsika kufika pa 0.06, zomwe zimachitika valavu yatsopano ikamakhazikika pampando, ndipo ndinaibweza pa 0.08. Oyilo anatuluka mamililita 900. Mafinzi apansi anali atayambanso kugwira matope, ndiye ndinamupatsa burashi n'kumuuza atsuke pomwepo ine ndikuthira oyilo watsopano.